Katemera Amene a Nelia Anasankha

Ku Ndeke kuno mukafunsa nyumba ya a Kachingwe anthu amayamba kuyang'anana, koma mukangoti “kwa amayi a ayisi” aliyense akulozerani. Dzina lawo ndi a Nelia. Ine ndine Gwen, ndimasoka mayunifolomu a sukulu, ndipo mpanda wolekanitsa nyumba yanga ndi yawo ndi waufupi moti timapatsirana mchere osatuluka pageti. Ndikufuna ndinene za iwo ndi za mwana wawo Bupe, chifukwa nkhani imene ikuyenda kumsika inapindika kale. Ena akuti unali ufiti, ena akuti kunali kunyada, ndipo zonse ziwirizi zimandipsetsa mtima.

A Nelia anabadwira ku Itawa, ku Ndola. Agogo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ukalaliki kumgodi, osabwereranso, koma Chinyanja cha m'nyumba ndi nyimbo za ku tchalitchi sanazisiye. Amayi awo ndiwo anayamba malonda a ayisi. Ankasungunula juwisi m'ndowa, kuthira m'timapepala tapulasitiki, kumanga, n'kuika m'firiza, ndipo a Nelia anakula akumanga timapepalato mpaka zala kuchita zikang'a. Atakwatiwa ndi a Kingsford, amene amagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yokonza makina a kumgodi kuno ku Kitwe, sanapemphe sofa kapena kabati. Anapempha firiza.

Pa nkhani ya kuzizira panalibe wowaposa. Ankangoika dzanja pachivundikiro cha firiza n'kudziwa ngati gasi akutha. Nsomba za anthu a mumsewu wathu, nyama ya pamaliro, nkhuku za paukwati, zonse zinkagona kwa iwo. Anali ndi lamulo limodzi limene ankatiuza mpaka tinatopa nalo: chinthu chikauma gwa ndi ayisi sichiwonongeka, chimene chimawononga ndi kusungunuka. Mwana akatsegula firiza n'kuima pomwepo akusankhasankha, ankalandira mawu oti sadzawaiwala. Ine ndinkawaseka kuti a Kingsford akadzamwalira sitidzavutika ndi kumotchale.

Chimene firiza sinawapatse ndi mwana. Anakhala m'banja zaka khumi ndi zinayi, mimba zitatu zinapita padera, ndipo azilamu awo a ku Ndola anali atayamba kale kulankhula mokuluwika pa Khirisimasi iliyonse. A Nelia ankangoimba alito mu kwaya ya amayi, n'kumanyamula ana a eni ake paubatizo. Atatenganso pakati ali ndi zaka zoposa makumi anayi, sanauze munthu mpaka chitenje chinawaulula chokha. Mwana anabadwa mu Ogasiti, wamkazi, kukiliniki ya boma ya kuno kwathu. Mzamba wa Chibemba atamukweza anati, “Ubu bupe,” kutanthauza kuti iyi ndi mphatso, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Sindinaonepo munthu woopa ngati a Nelia masiku amenewo. Ukafuna kunyamula Bupe unkayamba wasamba m'manja iwo akuyang'ana. Ankandiitana pampanda kuti ndidzamve ngati mwana akupuma bwino. Ananena poyera, ine ndikumva, kuti, “A Gwen, uyu ndi woyamba, ndi wotsirizanso. Akandichoka, ine ndatha.”

Chaka chimenecho chinali cha chilala, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa. Malonda a ayisi anafooka. A Nelia ankafunditsa firiza mabulangete, kuletsa aliyense kuikhudza, koma nthawi zina ankatayabe nsomba. Pamenepo m'pamene nkhawa ina inawalowa. Anali atamva pa wailesi kuti katemera amasungidwa m'firiji, ndipo akatenthedwa amatha mphamvu. Ndiye ngati iwo, odziwa ntchito, akutaya nsomba, nanga kukiliniki zinthu zili bwanji?

Bupe atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, nthawi ya majekeseni oyamba a pantchafu, ndinawaperekeza kusikelo. Unali Okutobala, m'mawa koma kutatentha kale. Tinakhala pabenchi pakhonde ndi amayi ena, ndipo chitseko cha chipinda cha katemera chinali chotsegula. A Nelia anandigwira pabondo.

“Taonani zija,” anatero.

Pathebulo panali mapaketi apulasitiki a ayisi, aja amaika m'bokosi lonyamulira katemera. Anali atayalidwa poyera, akuchita thukuta, madzi akudonthera pansi. Namwino wamkulu wa pamenepo, Sisita Felistus, mayi wamfupi wa magalasi, ankadutsa pomwepo osawalabadira. Patapita nthawi anatenga limodzi, kuligwedeza pafupi ndi khutu, n'kulibwezera pathebulo. Kenako anagwedezanso, ndipo atamva madzi akuchita khuchukhuchu m'kati, m'pamene anawaika m'bokosi, n'kuikamo timabotolo ta katemera.

A Nelia anaimirira, mwana ali kumbuyo, n'kukaima pakhomo.

“Ba Sisita, pepani mukwai. Ayisi uja mwamusiya dala kuti asungunuke?”

“Ee mayo, dala,” anayankha Sisita Felistus, maso ali pa ntchito yawo. “Akalowa m'bokosi ali gwa, aumitsa mankhwala. Katemera safuna kuuma. Afuna pakati pa madigiri thu na eyiti chabe.”

“Malaiti kulibe kuyambira dzulo.”

“Firiji yathu ni ya sola. Khalani pansi mayo, tizaphunzitsa bonse pamodzi.”

Ine ndikuvomereza kuti Sisita anayankha mwachidule. Pabenchi panali amayi osawerengeka, ana akulira, namwino mnzawo sanabwere. Koma a Nelia anamva chinthu chimodzi chokha, choti munthu wasiya ayisi asungunuke ndipo akuti n'zabwino. Kwa iwo amenewo anali mawu a waulesi amene wapeza chonamizira.

Anakhalabe mpaka phunziro. Sisita anakweza kabotolo n'kutionetsa zoyenera kuyang'ana kholo lililonse. Choyamba, tsiku lothera mphamvu lolembedwa pakapepala. Chachiwiri, kachizindikiro kozungulira kamene kamakhala pakapepalapo kapena pachitsekerero, m'kati mwake muli kena ka ngodya zinayi. Ka m'katiko kakakhala koyera kuposa kozungulirako, katemera sanapse ndi kutentha. Kakafanana mtundu ndi kozungulirako, kapena kakada kuposa, ameneyo ndi wotaya. Anatiuzanso kuti jekeseni azitsegula m'pepala lake ife tikuona. A Nelia anamvetsera zonsezi bwinobwino. Sisita atayamba kunena za choyezera kuzizira cha pafiriji, Bupe analira, ndipo a Nelia anapezerapo mpata wotuluka. Sanabwererenso pamzere.

“Mwana wanga sabayidwa madzi ofunda,” anandiuza tili m'njira. Pa nkhani ya firiji ndikanatsutsana nawo ndine yani?

Sabata yomweyo anapeza kiliniki ina yolipira ku Nkana East, m'nyumba yokhalamo anthu imene anaisandutsa chipatala, ya maluwa pakhomo ndi mipando yofewa. Sinditchula dzina, inatsekedwa kale. Mwini wake ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene ankabaya ana anali namwino wachitsikana, Cynthia, waulemu kwambiri, wogwada polankhula ndi akuluakulu. A Nelia sanafike ngati mayi wamba. Anafika ngati woyendera ntchito, ndipo ine ndinali pambuyo pawo nditanyamula chikwama cha matewera.

“Ndione kumene musunga mankhwala,” anatero.

Cynthia anawatsogolera kukhitchini yakale. Munali firiji wamba, ngati ya m'nyumba, ya chitseko chimodzi ndi kachipinda ka ayisi pamwamba. Mtsikanayo anafotokoza monyadira kuti magetsi akangobwera amapotokola kotembenuzira kowonjezera kuzizira mpaka kumapeto, kuti firiji izizire kotheratu, ndiye akazima imakhalabe yozizira nthawi yaitali. Timabotolo anatiyala pashelefu ya pamwamba, kumbuyo kwenikweni, titatsamira khoma loyera ndi chisanu. M'munsi munali botolo la madzi akumwa ndi kambale ka chakudya cha masana cha winawake. A Nelia anagwedeza mutu movomereza, chifukwa nzeru imeneyi inali yomwe iwo ankachita kunyumba.

Anapempha kabotolo kuti akagwire. Kanali kozizira mpaka kumata chala. Anayang'ana tsiku, linali kutali. Anayang'ana kachizindikiro kaja, ka m'kati kanali koyera mbee. Cynthia anakafikisa kabotoloko m'manja mwake kwa kanthawi, akuti mankhwala asungunuke bwino mwana asamve kuwawa, kenako anatsegula jekeseni watsopano ife tikuona. Bupe analira pang'ono n'kugona. Tikutuluka, nkhope ya a Nelia inali itamasuka koyamba chibadwire mwanayo.

“Mwaona, a Gwen? Uku ndiye kusamala.”

Anabwererako kawiri, mwezi ndi mwezi, mpaka majekeseni onse atatu oteteza ku chifuwa chokoka mtima, kafumbata ndi matenda ena, pamodzi ndi a chibayo, analembedwa pakhadi. Ndipo poti a Nelia akapeza chabwino sabisa, anauza amayi a ku tchalitchi ndi ogula ayisi. Anthu ankawakhulupirira. A Belinda a kuseri kwa msika, amene mwana wawo Lukundo anabadwa mwezi umodzi ndi Bupe, anasiya kusikelo ya boma n'kuwatsatira. Enanso angapo anachita chimodzimodzi. A Kingsford anafunsako kamodzi ngati kunali kofunika kukwera mabasi awiri pamene kiliniki ili pafupi, koma anamaliza okha kuti, “Za mafiriji mudziwa ndinu, amake Bupe.”

Bupe anakula bwino. Anali mwana wa masaya, wokonda kukoka ndolo zanga, ndipo akamva kulira kwa makina anga osokera ankatembenuka kufunafuna. Ndinamusokera kadiresi kachikasu ka Khirisimasi ndi nsalu yotsala ya mayunifolomu. A Nelia anayamba kunenepa, kuseka mokweza, ngakhale kulola ana a anthu kusankhasankha m'firiza.

Chifuwa chinayamba mu Febuluwale, mvula ili pakati. Poyamba chinali chimfine wamba, mamina ndi kutsokomola pang'ono. Anapita naye ku Nkana East, kumene anayang'ana khadi, kuona kuti zonse zinabayidwa, n'kuwapatsa mankhwala akumwa a chifuwa. Sabata yachiwiri kutsokomola kunasintha. Kunkabwera motsatizana osalekeza, mwana osapeza mpata wokoka mpweya, nkhope kufiira kenako milomo kuda, n'kumaliza ndi kusanza mkaka wonse. Pakati pake ankaoneka bwinobwino, mpaka kumwetulira, ndipo n'chimene chinatipusitsa. Tsiku lina masana ndili pamakina ndinamva a Nelia akuitana dzina langa ndi mawu amene sindinawamvepo. Nditalumpha mpanda ndinapeza mwana ali lobodo m'manja mwawo, wasiya kupuma. Anapumanso titamusisita pamsana, koma tinathamangira kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko anatitumiza kuchipatala cha ana ku Ndola.

Dokotala wa ku Ndola anamvetsera chifuwacho, n'kunena kuti ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo chibayo chalowapo kale. Anapempha khadi. Analiyang'ana nthawi yaitali, kulitembenuza, n'kufunsa kumene mwana anabayitsa. A Nelia anatchula malowo, n'kuwonjeza kuti anasankha okha, ataona ndi maso awo kuti mankhwala ndi ozizira. Dokotala analemba dzina la kilinikiyo pakapepala n'kuika m'thumba.

Anamuika pa mpweya, anamupatsa mankhwala odzera m'mitsempha, anachita zonse zimene akanatha. A Nelia sanachoke pambali pa kabedi. Ine ndinkakwera basi ya ku Ndola m'mawa uliwonse ndi chakudya, chimene chinkabwerera momwe chinapitira. Bupe anamwalira Lachinayi m'mawa, dzuwa litatuluka kale, amayi ake atamugwira kaphazi. Anali ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Za maliro sindinena zambiri. Kabokosi kanali kakang'ono moti a Kingsford anakanyamula okha pamiyendo m'galimoto. Amayi a kwaya anaimba, koma alito inasowa, ndipo aliyense anaimva kusowa kwake. Tinamuveka kadiresi kachikasu kaja. Mpaka lero nsalu ya mtundu umenewo ndikaisoka ndimayamba ndatuluka panja kaye.

Pambuyo pake a Nelia anazimitsa firiza, n'kuitsegula kuti iume. Chimene chinkawagwira mtima, chimene ankabwereza kwa aliyense wobwera kudzapepesa, chinali chimodzi: “Ndinachita zonse. Palibe chimene ndinasiya. Mulungu yekha ndiye wafuna.” Ndipo ife tinkavomera, chifukwa zinali zoona mmene tinkadziwira, komanso chifukwa mawu amenewo ndiwo ankawadzutsa m'mawa.

Patatha mwezi ndi kanthu, Loweruka lina, ndinali kwawo tikusankha nyemba pakhonde. Pageti panagogoda munthu. Anali Sisita Felistus, atavala yunifolomu, ambulera m'manja, nsapato zili matope okhaokha. Sanawazindikire a Nelia. Amayi amene amadutsa pamaso pawo ndi ochuluka.

“Mwatandala mayo. Ndifuna nyumba ya bana Bupe Kachingwe.”

“Ndi pano, amake Bupe ndine,” anatero a Nelia.

“Ndachokera kukiliniki. Tiyenda kufunafuna ana amene anabayitsa katemera ku Nkana East, pa kiliniki ija ya maluwa pakhomo. A ofesi ya zaumoyo anapitako, apeza kuti katemera wa kumeneko anawonongeka. Tifuna ana bonse abwere tiyambirenso. Bupe ali kuti, ali gone?”

Ine nyemba zinandigwa m'manja. Ndinafuna kuwakoka Sisita n'kupita nawo kuseri, koma ndinachedwa.

“Bupe tinaika mwezi watha,” anatero a Nelia, mawu ali phee.

Sisita Felistus anavula magalasi. Anakhala pansi pa sitepe, pamatope pomwepo, osadikira mpando. Anati sanauzidwe. Anamva kuti dokotala wa ku Ndola ndiye anadziwitsa a ofesi za mwana wina, koma dzina sanapatsidwe, ndipo zolemba za kukiliniki ija zinali zosokonekera moti ankangoyenda mofunsa. Anapepesa, anapepesanso, n'kudzuka kuti azipita.

“Khalani,” anatero a Nelia. “Mwati anawonongeka. Anawonongeka bwanji? Ine ndinagwira ndi dzanja langa. Anali ozizira.”

“Mayo, lekani tikambe tsiku lina.”

“Lero.”

Sisita anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndiye anafotokoza, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa minga.

Anati akatemera sali ofanana. Wa madontho a m'kamwa, wa poliyo, ngakhale aume sawonongeka. Koma wa jekeseni wa pantchafu uja, woteteza ku chifuwa chokoka mtima ndi anzake, ndi wa chibayo, akangouma kamodzi kokha ndiye kuti watha. M'madzi mwake muli tinthu tosaoneka timene timagwira mankhwala kuti thupi liwazindikire, ndipo ayisi akalowa timaundana n'kukhala timibulu. Ukasungunula, kabotolo kamaoneka ngati kabwinobwino, koma mphamvu sibwerera.

“Nanga kachizindikiro kaja?” anafunsa a Nelia. “Munatiphunzitsa ndinu. Kanali koyera. Ndinayang'ana maulendo onse atatu.”

“Kaja kaona kutentha chabe, mayo. Kuuma sikaona. Kabotolo kangaume gwa, kachizindikiro kali mbee.”

Anati a ofesi atafika anapeza choyezera cha m'firiji chinafa kalekale, ndipo atayika chawo chinatsika kupitirira pamene madzi amaumira. Timabotolo tina anatipeza titauma, ndipo totero safunsanso, amangotaya. Totsalato anatiyesa. Anatenga kamodzi ka mtundu womwewo n'kukaumitsa dala, kukasungunula, kenako kukagwedeza pamodzi ndi kokayikitsako n'kuziimika pambali pa zenera. Katemera wabwino amakhala ngati mkaka, amachedwa kudikha. Wouma amalekana msanga, timibulu kutsika pansi, pamwamba kutsala madzi oyera. Timabotolo ta ku Nkana East tinadikha liwiro limodzi ndi kaja anaumitsa dala.

A Nelia anati, “Mtsikana uja ankafikisa kabotolo m'manja kuti kasungunuke. Ine ndikuona. Ndinamuyamikira.”

Kenako anatembenukira kwa Sisita.

“Tsiku lija kusikelo munayala ayisi pathebulo. Ndinakufunsani.”

Sisita anawayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti akumbukira. Anagwira pakamwa.

“Ndimwe munaima pakhomo,” anatero. “Ndinakuyankhani mothamanga. Nikanakutengani kukuonetsani firiji.” Anati kholo lili ndi ufulu wopempha kuona choyezera, ndipo chiyenera kukhala pakati pa thu ndi eyiti, m'mawa ndi madzulo. Firiji ya katemera sisungamo chakudya kapena madzi akumwa. Kabotolo sikayenera kugunda ayisi, kapena kutuluka ndi chisanu. Ankanena zimenezi misozi ikutsika, ndipo sindikudziwa ngati ankauza a Nelia kapena ankadziuza okha.

Apo a Nelia anafunsa funso limene ndinkaliopa.

“Ndikanakhala pamzere tsiku lija, mwana wanga akanakhala moyo?”

Ndinapemphera mumtima kuti Sisita aname. Ndikanakhala ine ndikananama, ndipo sindikanachita nazo manyazi.

“Siningakunamizeni, mayo,” anatero Sisita Felistus. “Kulibe katemera amene ateteza mwana aliyense. Alipo ana obayidwa bwino amene adwalabe. Koma ambiri sadwala, ndipo akadwala sichifika pamene chinafika. Za Bupe yekha siningadziwe. Kulibe angadziwe.”

A Nelia anagwedeza mutu. Sanalire. Ine ndi amene ndinkalira, ndi mkwiyo womwe, chifukwa mayi ameneyu anali atatsala ndi chinthu chimodzi chokha chomugwiriziza, ndipo tsopano chinali chitachotsedwa. Sanalakwe chifukwa cha ulesi kapena kusasamala. Anayang'ana zonse zimene anauzidwa kuyang'ana, n'kuwonjezapo chimene manja ake anachidziwa kuyambira ali mwana. Amene amanena za kunyada kumsika aja sanakwerepo mabasi awiri ndi khanda pa dzuwa la Okutobala.

A Kingsford anali ataima pakhomo la m'nyumba, sindikudziwa kuyambira liti. Anabwera n'kuika dzanja paphewa la akazi awo. “Amake Bupe,” anatero.

Sisita anatola ambulera yawo. Anati akadali ndi ulendo, chifukwa ana ena sakudziwika kumene akhala, maina alipo koma manambala a nyumba palibe, ndipo chifuwacho chamveka kale m'makomboni awiri.

“Mwapeza angati?” anafunsa a Nelia.

“Ochepa, mayo.”

A Nelia anaika lichero pansi. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva akutsegula kabati. Anatuluka atamanga chitenje ndi duku lakuda la maliro, atavala nsapato za pulasitiki za mvula. Chichitikire maliro anali asanatulukepo pageti.

“A ku Ndeke kuno ndiwadziwa onse,” anatero. “Ndinawatumiza ndine.”

“A Nelia,” ndinatero ine, “ingotchulani nyumba, ine ndiwaperekeza a Sisita. Inu khalani.”

“Akakuonani inu sakhulupirira. Anamva kwa ine kuti kuja n'kwabwino. Amvenso kwa ine.”

Tinayenda atatu m'matope, kudutsa kumsika, anthu akusiya zogulitsa kutiyang'ana. A Nelia anali patsogolo. Sanayang'ane kumbali. Titafika kuseri kwa msika tinapeza a Belinda akuchapa pakhomo, Lukundo ali pamphasa pambali pawo, atakhala yekha, akumenya supuni pa mbale. Anali atamera mano awiri. A Nelia anaima pageti, ndipo ndinaona dzanja lawo likugwira chitsulo cha geti mwamphamvu. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali.

A Belinda anadzuka msanga, akupukuta manja, osadziwa kuti alonjere bwanji munthu wofedwa amene wabwera yekha.

“Bana Bupe, lowani mukwai, nibweretse mpando.”

“Musavutike ndi mpando,” anatero a Nelia. “Lukundo akutsokomola?”

“Awe, ali bwino chabe.”

A Nelia anatseka maso kanthawi.

“Ndiye mum'bereke. Tengani ndi khadi lake. Kuja ndinakutumizani kuja ndinalakwitsa, mankhwala ake anali akufa. Wanga ndachedwa naye. Fulumirani, pali nyumba zina zoti ndifikeko.”